Mita imodzi, makomo atatu: kalata ya tenanti ndi masamu ogawana magetsi

Pa mapoloti ambiri ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi, nyumba zimakhala zitatu kapena zinayi koma mita ya ESCOM imakhala imodzi. Inaikidwa kalekale m'dzina la mwini poloti, nyumba idakali imodzi. Kenako kunabwera boyizikota, kenako zipinda ziwiri kumbuyo, ndipo magetsi ankangotengedwa ku nyumba yaikulu. Mayunitsi akatha, onse amakhala mumdima. Ikafika nthawi yosonkha, funso limakhala lomwe lija: aliyense apereke zingati?

Mlamu wanga ndi mphunzitsi, amachita lendi pa poloti yotere. Pali makomo atatu: eninyumba m'nyumba yaikulu, iye ndi mkazi wake mu boyizikota, ndi mayi wina wa zipinda zakumbuyo amene amagulitsa mafirizesi pa geti. Kumapeto kwa Juni alandilodi anamuuza kuti magetsi a mweziwo adya K72,000, choncho khomo lililonse lipereke K24,000. Iye amaphika pa mbaula. M'nyumba yaikulu muli kuka ndi giza. Anakwiya, analemba kalata usiku womwewo, ndipo mwamwayi anandionetsa asanaipereke.

Manambala a m'nkhani ino ndawasalaza kuti masamu aphweke, ndipo mtengo wa yunitsi umene ukuonekamo ndi wongoyerekeza. Mtengo weniweni amavomereza ndi a MERA, umasintha nthawi ndi nthawi, ndipo aliyense atenge umene uli pa lisiti lake.

Maganizo a mlamu wanga anali akuti: tiwerenge mawati olembedwa pa chipangizo chilichonse, tiphatikize a khomo lililonse, ndiye tigawane ndalama molingana ndi mawatiwo. Akumveka bwino, ndipo ambiri amayambira pomwepa. Koma tinawonkhetsa, zinatuluka zomudabwitsa. Zipangizo za m'nyumba mwake zinakwana mawati pafupifupi 3,500, za mayi wa mafirizesi 1,240, za eninyumba 8,500. Pa magawidwe amenewo iye akanapereka K19,000, mayi uja K6,700 yokha. Komatu firiza ya mayiyo imalira usana ndi usiku, pamene mawati ambiri a mlamu wanga ali mu ketulo ndi ayironi, zinthu zimene amayatsa mphindi zochepa. Akanapereka kalata imeneyo, akanadzimangirira yekha ku ndalama yoposa imene amayenera kulipira.

Vuto ndi lakuti mawati si kuchuluka kwa magetsi amene chipangizo chadya. Ndi liwiro limene chimadyera. Zili ngati mpopi: wina umatuluka madzi mwamphamvu, wina umangodontha, koma ndowa imadzaza malinga ndi nthawi imene mpopiwo wakhala wotsegula. Mpopi wodontha tsiku lonse ukhoza kutaya madzi ambiri kuposa wamphamvu umene watsegulidwa kamphindi. Chimene mita imawerenga, chija timati yunitsi ndipo pa mita chimalembedwa kuti kWh, ndi mawati 1,000 atayaka ola limodzi. Hotipuleti ya mawati 1,000 imamaliza yunitsi imodzi pa ola. Babu la mawati 9 limafunika maola oposa 110 kuti limalize yunitsi yomweyo.

Ndiye masamu oyenera ndi awa:

```
mawati × maola pa tsiku × masiku ÷ 1000 = mayunitsi
```

Mawati amapezeka pa kapepala kapena kachitsulo kolembedwa pansi kapena kumbuyo kwa chipangizo, pamene pali nambala yotsatiridwa ndi W. Zipangizo zina sizilemba W, zimalemba A. Pamenepo muchulukitse nambalayo ndi 230, chifukwa magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi mavoti 230: chipangizo cholembedwa 5A chimadya pafupifupi mawati 1,150. Koma pa machaja musachite zimenezi. Chaja ya foni imalemba zinthu ziwiri, ndipo nambala ya pa mbali ya `Input` ndi malire chabe. Mukaichulukitsa ndi 230 mupeza mawati oposa 100 pa kanthu kosatentha n'komwe m'manja. Onani pa mbali ya `Output`: ngati palembedwa 5V 2A, ndi mawati 10.

Maola ndiwo amavuta, ndipo apa ndi pamene mkangano weniweni umabisala. Firiji imakhala pa soketi maola 24, koma injini yake sigwira ntchito nthawi yonseyo. Imalira, mkati mukazizira imasiya, kenako imayambanso. Khalani pafupi nayo ola limodzi madzulo muli ndi wotchi, mudzamva nokha. Firiji yabwinobwino imalira pakati pa maola 8 ndi 12 pa tsiku. Ikakhala yakale, labala wa pa chitseko atatha, kapena ikamaikidwa zinthu zofunda tsiku lililonse, maolawo amakwera. Mukaiwerengera maola 24, mwinifiriji adzalipira kuwirikiza kawiri zimene anadya. Ayironi nayo ndi chimodzimodzi: kagetsi kake kamayaka ndi kuzima pamene mukusita, ndipo imadya magetsi pokhapokha kagetsiko kakayaka. Kusita maola awiri ndi ngati kuyatsa ola limodzi.

Tinakhala pansi n'kuyamba ndi nyumba yake, chifukwa munthu wofuna kuti anzake aulule zipangizo zawo ayenera kuyamba waulula zake. Mababu anayi a mawati 9, maola asanu pa tsiku, amadya mayunitsi 5.4 pa mwezi. Wailesi yakanema ndi dikoda pamodzi ndi mawati 60, maola anayi pa tsiku, mayunitsi 7.2. Firiji yaing'ono ya mawati 90, titaiwerengera maola 10, inatenga 27. Ketulo ya mawati 2,000, mphindi 10 pa tsiku, inatenga 10. Ayironi ya mawati 1,200, yosita Lamlungu lokha, inatenga 5. Mafoni awiri ndi laputopu, 3. Zonse pamodzi 57.6, ndipo tinati tingonena 60 kuti asadzaoneke ngati akudzichepetsera.

Onani mmene mndandanda wagubuduzikira. Firiji, imene pa mawati inali yonyozeka, ndiyo yadya pafupifupi theka la magetsi ake. Ketulo ndi ayironi, zimene zinali ndi mawati 3,200 mwa 3,500 aja, zadya mayunitsi 15 okha.

Kwa mayi wa mafirizesi, firiza ya mawati 150 tinaiwerengera maola 14, chifukwa madzulo alionse amaikamo timapaketi tatsopano tosazizira. Ndi mayunitsi 63. Mababu, wailesi yakanema ndi ayironi zinawonjezera 17, kukwana 80. Mayiyu, amene pa mawati okha ankaoneka wochepetsetsa, amadya magetsi ambiri kuposa mlamu wanga.

Za m'nyumba yaikulu sitikanatha kuziona tokha, ndiye tinangoyerekeza kuchokera pa zimene aliyense pa polotipo amadziwa. Mapuleti awiri a kuka a mawati 1,000 lililonse, ola limodzi ndi theka pa tsiku, ndi mayunitsi 90. Firiji yaikulu, 45. Mababu, wailesi yakanema, ketulo ndi ayironi, 45. Ndiye giza. Giza ya mawati 3,000 ikatenthetsa ola limodzi ndi theka pa tsiku imamaliza mayunitsi 135 pa mwezi, kuposa kuwirikiza kawiri nyumba yonse ya mlamu wanga. Wina angaganize kuti tinakokomeza, koma pali njira yotsimikizira. Kutenthetsa thanki ya malita 150 a madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna pafupifupi mayunitsi 7, kaya giza ndi yamtundu wanji. Banja likamagwiritsa ntchito madzi otentha ochepera thanki imodzi pa tsiku, mayunitsi 4.5 pa tsiku amene tinawerengera si ochuluka. Komanso mu Juni ndi Julaye madzi a mu paipi amabwera ozizira kwambiri ndipo palibe amene amafuna kusamba ozizira, n'chifukwa chake bilu ya miyezi imeneyi ndiyo imayambanitsa anthu. Nyumba yaikulu inakwana mayunitsi 315.

Panatsala chinthu chimodzi chimene aliyense amaiwala: magetsi a panja. Pa geti ndi kumbuyo pali mababu awiri akale aja a mawati 60, oyaka maola 12 usiku uliwonse. Ndi mayunitsi 43 pa mwezi, tinene 45 kuti agawike bwino. Awa ndi a onse, chifukwa wakuba akabwera sasankha khomo, ndiye khomo lililonse litenge 15. Mababu awiriwa atasinthidwa n'kuikapo a mawati 9, angadye mayunitsi osakwana 7. Mtengo wa mababuwo ungabwerere m'miyezi yochepa.

Papepala zonse zinakwana mayunitsi 500. Mita inanena kuti mweziwo anadyedwa 450. Mlamu wanga anada nkhawa, amvekere masamu athu alakwika. Sanalakwike. Pepala ndi mita sizingafanane ndendende, chifukwa maola ndi ongoyerekeza, komanso magetsi amathima ndipo pepala silidziwa zimenezo. Ntchito ya pepala si kunena bilu, ndi kunena gawo la aliyense. Mlamu wanga ali ndi 60 kuphatikiza 15, ndiwo 75 mwa 500, kapena kuti 15 pa 100 alionse. Mayi uja ali ndi 95, ndiwo 19 pa 100. Eninyumba ali ndi 330, ndiwo 66 pa 100. Magawo amenewa ndi amene timaika pa ndalama yeniyeni. Pa K72,000, mlamu wanga apereke K10,800, mayi K13,680, eninyumba K47,520.

Kusiyana kwa 50 pa 500 n'kovomerezeka. Koma mita ikanati 700 pamene pepala likuti 500, sitikanapitiriza kugawa. Mpata waukulu chonchi umatanthauza kuti pali chinachake chimene sichinalembedwe: hita imene wina amayatsa usiku, nyemba zophikidwa pa hotipuleti yobisidwa pansi pa bedi, giza yoonongeka imene sizima yokha, kapena waya wopita ku poloti ya pafupi. Kugawa mpata wotere kwa onse n'kulipiritsa osalakwa.

Pali chinthu china choyenera kuchikonza kalata isanalembedwe. Pa mita yogulira mayunitsi, "bilu ya mwezi" sichinthu chimene ESCOM imatumiza. Ndi nambala imene munthu wosunga kabokosi kolowetsera tokeni amanena. Ndalama imene inagula mayunitsi mu Juni si yofanana ndi magetsi amene anadyedwa mu Juni. Ngati alandilodi anagula a K20,000 pa 29 Juni, ambiri mwa amenewo adzadyedwa mu Julaye. Kuti mudziwe zoona, mutenge mayunitsi amene anali mu mita pa 1, muphatikize onse amene anagulidwa mkati mwa mwezi, muchotse amene atsala pa tsiku lomaliza. Umboni wake ulipo kale: tokeni iliyonse ya manambala 20 imabwera ndi lisiti kapena uthenga wa pa foni wosonyeza ndalama ndi mayunitsi. Pa lisiti lomwelo muonenso ngati pali ndalama imene ikudulidwa kubweza ngongole yakale ya pa mitayo. Ngongole ya musanalowe m'nyumbamo si yanu. Ndipo ngati mukuona kuti mayunitsi oyamba kugulidwa m'mwezi amatsika mtengo kuposa otsatira, musamagule mosinthana, wina pa 1 wina pa 20, chifukwa wogula koyambayo azipindula yekha. Ndalama zonse za mwezi ziphatikizidwe, kenako zigawidwe.

Tsopano kalata. Yoyamba ija inali ndi mawu akuti "mukutibera", ndipo inkayamba ndi giza ya alandilodi. Munthu wamkulu ukamuyamba chonchi, sawerenganso masamu ako. Amayamba kuwerenga masiku a notisi. Tinailembanso motere:

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi ndi ana. Ife tili bwino.

Ndalemba kalatayi pa nkhani ya magetsi a mwezi wa Juni. Munandiuza kuti onse pamodzi anakwana K72,000 ndipo kuti khomo lililonse lipereke K24,000. Bambo, sindikukana kulipira magetsi. Chimene ndikupempha n'chakuti tionenso kagawidwe kake, chifukwa ndikuona kuti kugawa mofanana patatu sikukugwirizana ndi mmene makomo atatuwa amagwiritsira ntchito magetsi.

Ndalemba zipangizo zonse za m'nyumba mwanga pa pepala limene ndaphatikiza, pamodzi ndi mawati ake ndi maola amene chilichonse chimayaka. Zikukwana mayunitsi 60 pa mwezi. Ife timaphika pa mbaula, ndipo madzi osamba timatenthetsa pomwepo. Muli omasuka kubwera kudzaona zipangizozi tsiku lililonse limene mungakonde.

Pempho langa ndi lakuti makomo onse atatu tilembe chimodzimodzi, tili pamodzi, ndipo gawo la aliyense lichokere pa mawati kuchulukitsa ndi maola. Magetsi a panja tigawane mofanana chifukwa amatithandiza tonse. Ndayesa kuyerekeza za makomo enawo, ndipo gawo langa likufika pa 15 pa 100 alionse, imene ndi K10,800 pa mwezi wa Juni. Za m'nyumba mwanu ndangoyerekeza, ndipo pamene ndalakwitsa mundikonze.

Ndalama ya K10,800 ndatumiza lero, pamodzi ndi lendi yonse ya mwezi uno. Ngati titawerengera limodzi n'kupeza kuti gawo langa ndi loposa pamenepa, ndidzawonjezera tsiku lomwelo.

Ndikupemphanso kuti kuyambira pa 1 Ogasiti tizilemba mayunitsi amene ali mu mita pa tsiku loyamba ndi lomaliza la mwezi, komanso kuti mauthenga a matokeni tizionetsana tonse. Ngati kungatheke, tikumane Loweruka likubwerali madzulo, mayi a kumbuyo alipo.

Zikomo kwambiri, Bambo, chifukwa cha mmene mwatisungira kuyambira pamene tinalowa.

Ine mwana wanu wa mu boyizikota.

Pali zinthu zingapo m'kalatayi zimene tinaika dala. Chachikulu ndi ndalama. Anthu ambiri akakwiya ndi bilu amakana kulipira chilichonse, ena amadula pa lendi. Kumeneko n'kupatsa eninyumba chifukwa chenicheni chokuchotsera, ndipo nkhani ya magetsi imathera pomwepo. Kulipira gawo limene iwe mwini ukuvomereza, ndi lendi yonse, kumasiyanitsa nkhani ziwirizi. Atumize pa foni kuti umboni utsale, ndipo kalatayo aijambule asanaipereke.

Mawu akuti giza mulibemo m'kalata yonse. Ali pa pepala la masamu, pakati pa zipangizo zina, ngati nambala chabe. Alandilodi adzaliona okha, ndipo n'kosavuta kuti munthu avomere chimene wadzipezera yekha kusiyana ndi chimene wachita kulozedwa ndi mwana wa mu boyizikota. Mayi wa kumbuyo tinamutchula chifukwa nkhaniyi ikumukhudza, komanso chifukwa naye akupindula: achoka pa K24,000 kufika pa K13,680. Tinamuuza kalata isanapite, kuti asamve kwa eninyumba kuti wina wakhala akuwerengera firiza yake.

Asanalembe kalata yotere, munthu aonenso zimene anagwirizana polowa. Ngati pa pepala la lendi panalembedwa kuti magetsi azigawidwa mofanana, ndiye kuti kalatayo ikupempha kusintha mgwirizano, ndipo eninyumba ali ndi ufulu wokana. Ngati sipanalembedwe kanthu, monga zimakhalira pa mapoloti ambiri, ndiye kuti nkhaniyo ndi yotseguka. Mulimonsemo, kupita ku ESCOM sikungathandize pa kagawidwe. Iwo amadziwa kasitomala mmodzi, amene dzina lake lili pa mita, ndipo ntchito yawo imathera pa mitapo.

Loweruka likafika, alandilodi adzakhala ndi mayankho, ndipo ena mwa iwo ndi omveka. Yankho loyamba limakhala lakuti giza sitiyatsa tsiku lililonse. Mwina n'zoona. Palibe chifukwa chokanganirana, chifukwa mita ikhoza kuweruza. Pa mita zambiri pali kagetsi kofiira kamene kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga `1000 imp/kWh`. Zikutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000, yunitsi imodzi yatha. Pa mita yolembedwa chonchi, chipangizo cha mawati 1,000 chimaphethiritsa ka 10 m'masekondi 36. Zimitsani zonse pa poloti, yatsani chinthu chimodzi, werengani. Giza ya mawati 3,000 ikamatenthetsa, ka 10 kamakwana m'masekondi 12. Ngati mita yanu yalembedwa nambala ina, masekondiwo asintha molingana, ndipo ngati mita yeniyeni ili pamwamba pa polo, gwiritsani ntchito mayunitsi otsala amene kabokosi ka m'nyumba kamaonetsa.

Njira imeneyi imatsimikiza mawati, koma maola imawasiya. Pa maola pali kuyesa kwina kosavuta. Lembani mayunitsi otsala nthawi ya 6 koloko m'mawa kwa masiku atatu giza ikugwira ntchito monga mwa nthawi zonse. Kenako buleka ya giza izimitsidwe masiku atatu, muzilembabe. Kusiyana kwa mayunitsi odyedwa pa tsiku giza ikuyaka ndi itazimitsidwa ndiye chakudya cha giza pa tsiku. Chimodzimodzi, mlamu wanga akhoza kuzimitsa nyumba yake yonse Loweruka ndi Lamlungu limene wapita kumudzi, firiji atachotsamo zinthu. Ngati amadyadi mayunitsi awiri pa tsiku, mayunitsi odyedwa pa poloti yonse adzangochepa pang'ono poyerekeza ndi masiku ena, ndipo aliyense adzaona kuti boyizikota si imene imamaliza magetsi. Kuyesaku kuchitike masiku amene magetsi sanathime, apo ayi manambala asocheretsa.

Ndipo musaiwale kuyesa koyambirira kwenikweni: zonse zitazimitsidwa m'makomo atatu, kagetsi kaja kasiye kuphethira. Kakapitiriza, pali chimene chikudya magetsi mosadziwika, ndipo ofunika kuitanidwa ndi amisiri a zamagetsi, osati kukangana.

Yankho lachiwiri ndi lovutirapo: ndidziwa bwanji kuti simudzagula hotipuleti mawa? Apa alandilodi akunena zoona, ndipo ndiko kufooka kwa njira yonseyi. Imadalira kuti aliyense anene zoona pa zipangizo ndi pa maola, ndipo munthu aliyense akafunsidwa maola amatsitsa. Hotipuleti imodzi ya mawati 1,000, maola awiri pa tsiku, ndi mayunitsi 60 pa mwezi. Ingawirikize kawiri magetsi a mlamu wanga pamene gawo lake papepala lidakali pomwepo. Chimene chingachitike n'kugwirizana kuti chipangizo chatsopano chilichonse chotenthetsa kapena choziziritsa chizinenedwa sabata yomweyo, ndiponso kuti mndandanda uzionedwanso pakatha miyezi itatu, chifukwa nyengo imasintha zinthu. Mu Okutobala giza imapuma, pamene mafani ndi firiza ya mafirizesi zimagwira ntchito kwambiri. Gawo limene linali lolondola mu Juni silingakhale lolondola pa nthawi yotentha. Mlendo wokhala mwezi wathunthu, kapena ana akabwera ku holide, nazonso zimasuntha manambala.

Ena amati bwanji osangogawa powerenga anthu, kapena zipinda. Pa madzi kuwerenga anthu kumagwira ndithu, chifukwa munthu aliyense amasamba ndi kumwa. Pa magetsi ayi. Banja la anthu asanu ndi awiri lophika pa makala likhoza kudya magetsi ochepa kuposa mnyamata mmodzi wokhala ndi kuka ndi hita. Ena amaika mtengo pa chipangizo: firiji mwakuti, ayironi mwakuti. Imeneyo ndi njira yathu yomweyi koma yongoganizira, ndipo kawirikawiri imalanga ayironi, chifukwa aliyense amaiopa, n'kulekerera firiza.

Ine ndimaona magawidwe a mawati ndi maola ngati mlatho wofikira pa chinthu chokhazikika, chimene ndi kamita kakang'ono ka khomo lililonse, kaja ena amati sabumita. Kamaikidwa pa waya wolowa m'nyumba ya tenanti, pambuyo pa mita ya ESCOM, ndipo kamangowerenga mayunitsi odutsa. Pa poloti ya makomo atatu timamita tiwiri tikwana: ta matenanti awiriwo, ndipo zotsala pa mita yaikulu, kuchotsapo magetsi a panja, ndi za eninyumba. Kaikidwe ndi mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, ndipo mita ya ESCOM yeniyeniyo isakhudzidwe, chifukwa kuitsegula kapena kudula chidindo chake ndi mlandu. Vuto limene limapezeka ndi la mawaya. Ngati boyizikota ili ndi waya wake umodzi wochokera ku bokosi la mabuleka, ntchito ndi yochepa. Koma ngati masoketi ake anatengedwa ku khitchini ya nyumba yaikulu ndipo mababu anatengedwa kwina, pafunika kukonza mawaya kaye, ndipo mtengo umakwera. Kufunsira mita yakeyake ku ESCOM ndiko kumathetseratu nkhani, koma kumafuna chilolezo cha mwini nyumba, mawaya oyendera paokha ndi kudikira.

Za sabumita sitinaziike m'kalata yoyamba, chifukwa zimabweretsa funso lina, loti agule ndani, pamene loyamba lisanathe. Koma mlamu wanga apite ku msonkhano wa Loweruka atawerengera kale. Kusiyana kwa K24,000 ndi K10,800 ndi K13,200 pa mwezi. Afunse mmisiri mtengo wa kamitako pamodzi ndi kuika, augawe ndi K13,200, adziwe miyezi imene ndalama yake ingabwerere. Alandilodi akadzati masamu a maolawa sakuwakhulupirira, iye adzayankhe kuti ali wokonzeka kugula kamitako yekha, bola alembe pa pepala kuti tsiku losamuka adzakachotsa kapena adzabwezeredwa ndalama yake.